Mafunso ndi mayankho: kalata yodziwitsa makasitomala za maola ndi masiku otseka sitolo pa nyengo ya tchuthi

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene eni masitolo amakonda kufunsa akafuna kulembera makasitomala awo okhazikika za nthawi yotsegula ndi masiku otseka kumapeto kwa chaka. Poyankha ndatenga chitsanzo chimodzi chokha, cha sitolo yongoyerekeza yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, imene imalandiranso maoda a katundu amene sapezeka pashelefu, ndipo masiku onse ndawatenga pa kalendala ya Disembala 2026 ndi Januwale 2027.

Kodi chofunika kwambiri m'kalata imeneyi n'chiyani?

Ndi masiku awiri: tsiku lomaliza limene kasitomala angapeze chitseko chili chotsegula, ndi tsiku loyamba limene adzachipezenso chotsegula. Mwini sitolo akamalemba amaganiza za masiku amene iye adzakhale akupuma, koma wowerenga kalatayo ali ndi funso lina, lakuti abwere liti kuti asabwerere chimanjamanja. Choncho kalata yabwino imalembedwa poyang'ana kuchokera kunja kwa chitseko, kumene kwaima wogula, osati kuseri kwa kauntala. Masiku awiriwa ayenera kupezeka m'ndime zoyambirira, chifukwa anthu ambiri sawerenga kalata ya kusitolo mpaka kumapeto.

Ndikalemba kuti "tatseka mpaka pa 4 Januwale", cholakwika chili pati?

Cholakwika chili pa liwu lakuti "mpaka". Wowerenga wina amamva kuti pa 4 Januwale sitolo idzakhala ikadali yotseka ndipo idzatsegulidwa pa 5, pamene wina amamva kuti pa 4 pomwepo ndi pamene idzatsegulidwe. Onsewa sanalakwe, pakuti chiganizocho chikulola matanthauzo awiriwo. Woyambayo amataya tsiku limodzi akudikira pachabe, ndipo ngati mwini sitolo ankatanthauza kuti pa 4 adzakhala asanatsegule, wachiwiriyo amayenda ulendo wopanda phindu.

Zimenezi zinandichitikira ine ndemwe nthawi imene ndinkayendetsa sitolo. Ndinamata chidziwitso cha mtundu womwewu pachitseko, ine m'mutu mwanga ndikudziwa kuti tsiku lotchulidwalo linali lomaliza la tchuthi. M'mawa wa tsikulo ndinapita kukatenga buku la maakaunti limene ndinaiwala, ndipo ndinapeza bambo wina, kasitomala wathu wa zaka zambiri, ataima pakhonde, galimoto yoti inyamule katundu ataiimika pafupi. Anandilozera pepalalo ndi chala n'kunena modekha kuti, "Bambo, paja mwalemba nokha kuti mpaka lero." Ndinalibe poyankhira, ndipo amene ankasunga makiyi a mosungira katundu anali asanabwere kutchuthi. Kuchokera nthawi imeneyo sindisiya liwu lakuti "mpaka" lili lokha. Ndimalemba kuti sitolo idzakhala yotseka kuyambira tsiku lakuti kufikira tsiku lakuti, masiku onse awiriwo akuwerengedwa, kenako ndimawonjezera chiganizo china chonena tsiku ndi ola limene tidzatsegulenso. Kubwereza koteroko kumaoneka ngati kuchulutsa mawu, koma chiganizo chachiwiricho n'chimene anthu amasunga m'mutu.

Masiku ndi maola ndiwalembe motani?

Deti lililonse lilembedwe pamodzi ndi dzina la tsiku la pamlungu, ndipo mwezi ulembedwe ndi mawu, monga Lolemba pa 4 Januwale 2027. Manambala okhaokha, ngati 04/01, amasokoneza chifukwa m'mayiko ena amayamba kulemba tsiku pamene kwina, monga ku United States, amayamba kulemba mwezi, moti wina angawerenge kuti ndi pa 1 Epulo. Dzina la tsiku limathandizanso wowerenga kuona msanga ngati pali cholakwika, popeza munthu amakonza zochita zake poganizira kuti ndi Lachinayi kapena Loweruka, osati poganizira nambala.

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri osamala: kutenga kalata ya chaka chatha n'kungosintha chaka. Chaka cha masiku 365 chili ndi milungu 52 ndi tsiku limodzi lotsala, motero deti lililonse limasuntha ndi tsiku limodzi chaka ndi chaka, ndipo limasuntha ndi masiku awiri pakadutsa 29 Febuluwale. Khrisimasi ya 2025 inali Lachinayi, pamene ya 2026 ikugwa Lachisanu. Munthu amene wangosintha chaka pamwamba pa kalata yakale adzatumiza mawu akuti "Lachinayi pa 25 Disembala", ndipo makasitomala sadzadziwa ngati akhulupirire dzina la tsikulo kapena nambala yake. Musanatumize, ikani kalendala pambali pa kalatayo ndi kutsata deti lililonse ndi chala.

Pa maola, lembani ola lotsegulira ndi ola lotsekera, n'kunena ngati ndi m'mawa, masana kapena madzulo. Mawu akuti "tidzaweruka msanga" kapena "tidzagwira theka la tsiku" sauza munthu chilichonse, chifukwa kwa wina theka la tsiku limatha 12 koloko, kwa wina 2 koloko. Ngati kupakira katundu m'galimoto kumasiya sitolo isanatsekedwe, ola limenelo lilembedwenso padera.

Kalatayi itumizidwe liti?

Yankho lofala n'lakuti milungu iwiri kapena itatu tchuthi chisanayambe, ndipo kwa sitolo imene anthu amangolowa n'kugula zimene zili pashelefu nthawi imeneyi ndi yokwanira. Koma sitolo yolandira maoda siyenera kuwerenga kuchokera pa tsiku lotseka. Iyenera kuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku limene oigulitsa katundu adzasiye kutumiza, chifukwa nthawi zambiri iwo amatseka msanga kuposa masitolo ang'onoang'ono.

Tiyerekeze kuti sitolo yathu ija idzatsegula komaliza Lachinayi pa 24 Disembala, koma kampani imene imaipatsa katundu yanena kuti idzatumiza komaliza Lachisanu pa 18 Disembala, ndiponso kuti imafuna masiku 5 ogwira ntchito kuti ikonze oda. Masiku asanuwo ndi kuyambira Lolemba pa 14 kufikira Lachisanu pa 18, choncho oda iyenera kukhala itafika kukampaniko pofika Lachisanu pa 11 Disembala. Mwini sitolo wanzeru sauza makasitomala deti lomwelo, pakuti amafunika nthawi yosonkhanitsa maoda, kutsimikizira miyezo ndi kulandira malipiro oyamba, ndiye amaika malire Lachitatu pa 9 Disembala, kudzisiyira masiku awiri. Tsono kasitomala amene akumanga amafunika milungu ngati iwiri kuti akambirane ndi mmisiri wake ndi kupeza ndalama, zimene zikutanthauza kuti kalata iyenera kukhala itamufikira pofika Lachitatu pa 25 Novembala. Apa mukuona kuti kalata yonena za kutseka kwa pa 25 Disembala ikutuluka mwezi wathunthu tsikulo lisanafike. Ikanatuluka pa 10 Disembala, monga mwa lamulo la milungu iwiri lija, ikanafika tsiku la maoda litadutsa kale.

Kalata yotuluka msanga imaiwalika, ndiye pamafunika chikumbutso chachifupi kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti maoda atsekedwe, ndi china kumayambiriro kwa mlungu womaliza.

Ndi ziti zimene ndiyenera kutsimikiza ndisanayambe kulemba?

Choyamba ndi antchito. Ola lililonse lolembedwa m'kalata ndi lonjezo, ndipo amene adzalikwaniritse ndi anthu amene nawonso ali ndi mabanja ndi maulendo awo. Ngati mukufuna kutalikitsa maola m'mlungu womaliza, walira mvula walira matope: muyenera kudziwa amene adzatsale madzulo, amene adzasunge makiyi, ndi malipiro a maola owonjezera malinga ndi malamulo a ntchito a dziko limene muli. Ndondomeko ya antchito ilembedwe ndi kuvomerezedwa kaye, kalata ibwere pambuyo. Muonenso masiku a tchuthi a boma a chaka chimenecho, chifukwa m'mayiko ena tchuthi chikagwa Loweruka kapena Lamulungu chimasamutsidwira Lolemba lotsatira, ndipo mu 2026 tsiku la 26 Disembala likugwa Loweruka. Ngati sitolo ili m'nyumba imene zipata zake amatsegula ndi eni malo, funsaninso maola awo.

Mungationetse chitsanzo cha kalata yonse?

Nachi chitsanzo cha sitolo yathu ija, imene masiku onse imatsegula kuyambira 8:00 m'mawa kufikira 5:00 madzulo pakati pa mlungu, Loweruka kufikira 1:00 masana, ndipo Lamulungu sitsegula.

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukuthokozani chifukwa chogula kwa ife m'chaka chonsechi. Tikukulemberani kuti tikudziwitseni za maola athu pa nyengo ya Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano.

Tsiku lomaliza kutsegula Khrisimasi isanafike ndi Lachinayi pa 24 Disembala 2026, ndipo tidzatseka 1:00 masana. Kuyambira Lolemba pa 21 kufikira Lachitatu pa 23 Disembala tidzatsegula 8:00 m'mawa ndi kutseka 6:00 madzulo.

Sitolo idzakhala yotseka Lachisanu pa 25, Loweruka pa 26 ndi Lamulungu pa 27 Disembala. Tidzatsegula Lolemba pa 28, Lachiwiri pa 29 ndi Lachitatu pa 30 Disembala kuyambira 9:00 m'mawa kufikira 3:00 masana, koma masiku atatu amenewa sitidzakapereka katundu kunyumba kwanu.

Tidzatsekanso kuyambira Lachinayi pa 31 Disembala, pamene tidzakhala tikuwerenga katundu, kufikira Lamulungu pa 3 Januwale, masiku onse awiriwo akuwerengedwa. Tidzatsegulanso Lolemba pa 4 Januwale 2027 nthawi ya 8:00 m'mawa, ndipo maola athu adzabwerera mwakale.

Amene mukufuna katundu wochita kuitanitsa, chonde perekani oda yanu pofika Lachitatu pa 9 Disembala kuti mudzalandire tchuthi chisanayambe. Katundu amene munalipira kale mudzamutenge pofika 12:00 masana pa 24 Disembala, ndipo wotsala tidzamusunga bwino kufikira titatsegulanso. Masiku amene tatseka sitidzayankha lamya, koma mauthenga amene mudzasiye tidzawayankha tsiku lotsegula.

Tikukufunirani tchuthi chabwino inu ndi mabanja anu.

Ine wanu,
Mwini sitolo

Onani kuti masiku otseka a mlungu wa Khrisimasi atchulidwa limodzi ndi limodzi, kuphatikizapo Lamulungu limene sitoloyi sitsegula n'kale. Masiku akakhala atatu okha, kuwatchula onse kumachotseratu mkangano wa "mpaka" uja. Onaninso kuti chifukwa chotsekera pa 31 Disembala chanenedwa m'mawu ochepa. Tsiku limeneli antchito adzakhala ali m'kati ndipo magetsi adzakhala akuyaka, motero munthu amene sanauzidwe adzagogoda pachitseko n'kuchoka atakhumudwa poganiza kuti amunyalanyaza.

Mawu othokoza ndi otsatsa malonda ali ndi malo otani m'kalatayi?

Kuthokoza n'koyenera, makamaka kwa anthu amene akhala akugula kwa inu zaka zambiri, koma chiganizo chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira kumayambiriro. Ndaonapo makalata amene ndime zitatu zoyamba zimafotokoza mmene chaka chayendera, masiku otseka n'kubisala pansi penipeni, ndipo wowerenga pa lamya ya m'manja amasiya asanafikeko. Ngati muli ndi zambiri zoti muyamikire, ziikeni kumapeto. Kupepesa mobwerezabwereza chifukwa chotseka n'kosafunika, popeza palibe kasitomala wanzeru amene amadabwa kuti ogulitsa nawonso amapuma.

Za kutsitsa mitengo, maganizo anga ndi akuti zitumizidwe padera. Kalata ikangooneka ngati yotsatsa malonda anthu amaiponya pambali osaiwerenga, komanso madeti a malonda otsika mtengo akasakanikirana ndi madeti otseka, wina amasunga deti lolakwika. Pa mawu a mafuno abwino, kumbukirani kuti si makasitomala onse amene amakondwerera tchuthi chimodzimodzi, ndiye kufunira munthu ndi banja lake tchuthi chabwino kumakwanira aliyense.

Nanga za ngongole, katundu wobweza ndi malipiro amene tsiku lake likugwa sitolo ili yotseka?

Funso limeneli ndi limene limasiyanitsa kalata yopita kwa makasitomala okhazikika ndi chidziwitso wamba cha pachitseko, chifukwa anthu okhazikikawo ndi amene amakhala ndi nkhani zosatha ndi sitolo. Tinene kuti sitolo yathu imalola kubweza katundu pasanathe masiku 14. Munthu amene wagula Loweruka pa 19 Disembala, masiku ake akutha Loweruka pa 2 Januwale, sitolo ili yotseka, ndipo kwenikweni mwayi wake womaliza ukhala pa 30 Disembala, atalandidwa masiku atatu popanda kulakwa kwake. Mwini sitolo asankhiretu chochita n'kuchilemba, mwachitsanzo kuti katundu yense amene nthawi yake yobweza ikutha pakati pa 25 Disembala ndi 3 Januwale adzalandiridwa kufikira Lachisanu pa 8 Januwale. Akapanda kutero, nkhaniyo idzagwera wogulitsa wa pakauntala m'mawa wa pa 4 Januwale, amene alibe mphamvu yogamula, ndipo makasitomala awiri a vuto limodzi adzayankhidwa mosiyana.

N'chimodzimodzi ndi amene amatenga katundu pa akaunti n'kumalipira kumapeto kwa mwezi. Ngati tsiku lolipira ndi 31 Disembala, auzeni ngati muyembekezera malipirowo pa 30, kapena pa 4 Januwale, kapena kudzera kubanki. Komabe chikumbutso cha ngongole ya munthu chisalowe m'kalata yopita kwa onse. Kalata ya onse inene lamulo lokha, ndipo za ndalama zimene munthu aliyense akuyenera kupereka zipite kwa iye yekha, mwaulemu, tsiku lina.

Ndiitumize kudzera njira iti?

Njira imene makasitomala anu amalandirira mauthenga anu masiku onse, kuwonjezerapo pepala la pachitseko ndi makope ochepa pakauntala. Chofunika n'chakuti madeti akhale amodzimodzi paliponse, ndiye lembani kalata imodzi yaikulu ndipo zina zonse zikoperedwe kuchokera pa imeneyo. Potumiza imelo kwa anthu ambiri, maadiresi awo aikidwe pa Bcc, osati pa To kapena Cc, kuti aliyense asaone maadiresi a anzake. Uthenga umodzi wa SMS umatenga zilembo 160, koma mukaikamo tizithunzi kapena chilembo ngati ŵ malirewo amatsika kufika pa 70 ndipo uthengawo umawerengedwa ngati angapo, choncho muikemo masiku okhaokha. Ngati sitolo yanu imaoneka pa Google Maps, sinthaninso maola a masiku amenewo kumeneko, pakuti ambiri amayang'ana pamenepo asananyamuke ndipo kalata yanu sakhala nayo m'manja.

Pepala la pachitseko limatidwe m'kati mwa galasi kapena m'pulasitiki, pamalo amene lidzaonekebe sitolo itatsekedwa. Eni masitolo angapo amamata chidziwitso pagalasi, kenako n'kutsitsa chitseko chachitsulo chimene chimachiphimba masiku onse amene chinkafunika kuwerengedwa.

Ndingadziwe bwanji kuti kalata yanga sinamveke?

Musanatumize, ipatseni munthu amene sanakhale nawo pokonza masikuwo, aiwerenge kamodzi, kenako mumufunse mafunso atatu kalatayo itatembenuzidwa: ngati angagule pa 24 Disembala 3 koloko masana, ngati sitolo idzakhala yotsegula pa 29, ndi tsiku limene idzatsegulidwenso m'chaka chatsopano. Akazengereza pa funso limodzi, chiganizo chimenecho chilembedwenso. Mukatumiza, mvetserani mafunso a pakauntala ndi a pa lamya. Anthu atatu kapena anayi akafunsa za tsiku limodzimodzi, vuto si lawo, ndipo chikumbutso chotsatira chiyambe ndi tsiku limenelo.

Bwanji ngati masiku asintha kalata itapita kale?

Tumizani uthenga watsopano tsiku lomwelo, kudzera njira zonse zimene munagwiritsa ntchito poyamba, ndipo mawu oyambirira anene kuti uku ndi kusintha. Nenani chimene chinalembedwa kale ndi chimene chalowa m'malo mwake, mwachitsanzo kuti m'kalata ya pa 25 Novembala munati mudzatsegula Lachitatu pa 30 Disembala, koma tsopano tsikulo mudzakhala mutatseka, ndipo masiku ena onse sanasinthe. Musangotumizanso kalata yonse itakonzedwa mwakachetechete, chifukwa amene anawerenga yoyamba adzaganiza kuti ndi yomweyo. Pepala lakale lichotsedwe pachitseko, osati kufufuta deti ndi cholembera. Kusintha kowonjezera maola sikupweteka munthu, koma kochepetsa kumafuna kuti muimbire lamya aliyense amene munagwirizana naye kuti adzatenge katundu pa tsiku lochotsedwalo, n'kupangana naye tsiku lina, kaya pa 28 kapena pa 29 Disembala.